Neti yachita chikasu ndi fumbi: kaichapidwe kake kuti ulusi usafooke ndiponso isang'ambike

Ndimasoka zovala pakhonde kuno ku Kapata mu Chipata, ndipo chaka chilichonse kuyambira mu Seputembala mpaka mvula yoyamba, pali ntchito imodzi imene imandichulukira: maneti a udzudzu ong'ambika. Ndikafunsa chimene chachitika, ndi ochepa amene amatchula makoswe kapena kandulo. Ambiri amati, "Amai, ndangoichapa dzulo dzuloli." Neti yapirira zaka ziwiri ili pamwamba pa bedi, koma yakathera m'beseni tsiku limodzi.

Chimene chimawononga maneti amenewa ndi mtima wofuna kuti ayere mbuu ngati malaya a sukulu. Munthu akaona chikasu chikukana, amawonjezera sopo waufa, amathira jiki, amakwecha pamwala, kenako amayanika padzuwa la Okutobala. Chilichonse mwa zimenezi chimadya ulusi kapena mankhwala opha udzudzu amene ali mu ulusiwo. Neti yabwino ndi yopanda fumbi, yopanda fungo, yopanda mabowo. Ikakhala ndi kachikasu pang'ono, ntchito yake imagwirabe bwinobwino.

## Musanathire madzi

Gwirani netiyo ndi zala. Ngati ili yofewa ngati nsalu, ndi ya poliyesita. Ulusi wake ndi timaulusi tambirimbiri tophatikizana, ndipo mankhwala ake amakhala omatidwa kunja kwa ulusiwo, choncho kukwecha kumawachotsa. Ngati ili yokhakhala, yolimbirapo ngati thumba la anyezi, ndi ya polietilini. Imeneyi mankhwala ake anawasakaniza mkati mwa ulusi, ndipo amatulukira kunja pang'onopang'ono. Imapirirako kukoka, koma imadana kwambiri ndi madzi otentha ndi moto.

Chachiwiri, kumbukirani kuti netiyo yachapidwa kangati. Maneti amankhwala okhalitsa, ngati amene timalandira ku sikelo kapena pa nthawi yogawa m'makomo, amayesedwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kuti mankhwala ake apirire kuchapidwa ka 20 ndi kugwira ntchito zaka 3. Mukamachapa kamodzi pa miyezi itatu, zaka zitatuzo zimatha mutachapa ka 12 kokha. Mukamachapa mwezi ndi mwezi, ka 20 kaja kakwana zaka ziwiri zisanathe. Amene amaiphatikiza ndi zofunda Loweruka lililonse, pofika mwezi wachisanu watsala ndi nsalu yamabowo chabe.

## Kachapidwe kamene sikang'amba

Ndifotokoze ndi neti ya alamu anga a ku Mchini, imene tinachapa limodzi mu Okutobala. Poyamba inali yoyera, ya poliyesita, ndipo nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wafumbi. Denga la netiyo linali litalemera ndi katondo mpaka kufika pogwa pakati ngati mimba. M'mbali munali mwachikasu, m'munsi mwakuda.

1. Tinaimasula tingwe ta m'makona ndi manja, osakoka. Pamene mfundo inakana, tinadula chingwe chopachikira, osati khutu la neti lomangirapo chingwecho.
2. Tinapita nayo panja, aliyense atagwira makona awiri, n'kuikutumula modekha mphepo ili kumbuyo kwathu. Tinaitembenuza n'kubwerezanso. Fumbi limene linatuluka pamenepo likanasanduka matope likanalowa m'madzi.
3. Tinaiyang'ana pakuwala n'kupeza timabowo tinayi. Ndinatisoka isananyowe, chifukwa kabowo kolowa chala kamatuluka m'madzi kali kolowa chibakera.
4. Tinaiviika m'beseni lalikulu lapulasitiki, m'madzi ozizira opanda sopo, n'kuikanikiza ndi zikhato kangapo. Madzi anafiira nthawi yomweyo. Tinataya, n'kubwerezanso kachiwiri.
5. M'madzi atsopano okwana chigubu chimodzi cha malita 20 tinasungunuliramo sopo wamtanda, kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi. Sopoyo amasungunulidwa m'madzi ndi manja neti isanalowe. Sapakidwa pa neti.
6. Tinaiviika mphindi 10 mpaka 15, kenako n'kumaikanikiza ndi kuitukula, kuikanikiza ndi kuitukula, kuti madzi azidutsa m'maso mwa neti. M'munsi mwakuda muja tinamupsinya m'zikhato, osapekesa.
7. Tinatsukuluza katatu mpaka madzi anasiya kuterera.
8. Tinaikunga ngati mpira, n'kuikanikiza m'mbali mwa beseni kuti madzi atsike. Sitinaipotokole.
9. Tinaiyanika pamthunzi wa mtengo wa mango, pazingwe ziwiri zoyandikana, chitenge chitayalidwa pazingwezo.

Madzi onse anakwana zigubu zitatu ndi theka, ndipo pofika masana inali itauma, pakuti ulusi wotere susunga madzi. Alamu anaiyang'ana n'kunena kuti, "Koma alamu, siinayeretu." Zoonadi siinayere mbuu. Inatuluka ngati mtundu wa mkaka wothira tiyi pang'ono, yopepuka, mphepo ikudutsa. Imeneyo ndiyo neti yochapidwa bwino.

Madzi ochapira neti musawataye mumtsinje, m'dambo, pafupi ndi chitsime kapena padziwe la nsomba. Mankhwala a m'maneti amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri. Kuchapira neti mumtsinje wa Lunkhwakwa kapena wa Lutembwe n'kolakwika pachifukwa chimenechi. Tayani m'dzenje la zinyalala kapena pansi pouma, kutali ndi pamene nkhuku ndi ana amasewera.

## Chizindikiro 1: Yatuluka yofiirira kuposa mmene inalowera

Simunakutumule fumbi. Ichi ndicho chimachitika kawirikawiri. Dothi lathu la katondo ndi losalala ngati ufa, ndipo likakumana ndi sopo limasanduka phala lolowa pakati pa timaulusi. Mudzadziwa chifukwa kufiirako kuli paliponse mofanana, ngakhale pamene panali poyera. Isiyeni iume, ikutumuleni, kenako itsukuluzeni m'madzi opanda sopo kawiri kapena katatu. Musawonjezere sopo.

Beseni lachepa kapena madzi achepa. Neti ya bedi lalikulu ikapanikizidwa m'ndowa, litsiro limangochoka apa n'kukakhala apo. Chizindikiro chake ndi mizeremizere yofiira motsata mapindo. Pezani beseni limene neti ingathe kusambiramo, kapena sinthani madzi pafupipafupi.

Madzi enieniwo ndi amene ali ndi vuto. Mijigo ina imatulutsa madzi ooneka oyera, koma akagona amasiya zofiira pansi pa ndowa, ndipo amamveka kachitsulo mkamwa. Tungani mundowa yoyera, musiye usiku wonse, mawa muone pansi. Ngati pali zofiira, chapirani madzi ogonetsa, mutatsanula apamwamba okha. Nthawi ya dzinja madzi a mvula ndi abwino koposa, bola musatunge oyamba kutsika padenga, amene amabwera ndi fumbi ndi dzimbiri.

Inagwa pansi kapena munayanika kumene kukuwomba fumbi. Neti yonyowa imakola fumbi ngati ulimbo. Mu Ogasiti ndi Seputembala chapani m'mamawa kamvulumvulu asanayambe, ndipo musayanike wina akusesa pabwalo.

## Chizindikiro 2: Chikasu chikukana kuchoka

Apa ndi pamene maneti ambiri amafera, ndiye ndichedwapo. Chikasu sichimodzi. Musanachite chilichonse, onani malo amene chili pa netiyo, chifukwa malowo ndi amene amaulula gwero lake.

### Chili pamwamba ndi mbali imodzi, ndipo chikununkha utsi

Umenewu ndi utsi, ndipo ndiwo umatsogola pa zonse. Mbaula yolowetsedwa m'nyumba mu Juni ndi Julayi, koloboyi, kandulo, mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu, kapena khitchini yogundana ndi chipinda chogona. Utsi uli ndi mafuta ake omata, ndipo fumbi likafika limakakamira pamafutawo. Pukutani ndi kansalu koyera konyowa: kakatuluka kabulauni ndi kunanda, ndi utsi.

Sopo wamtanda amachotsa gawo lalikulu. Mukatha kuchapa koyamba, ngati kukunandabe, konzani madzi ena a sopo, ofunda pang'ono moti khanda lingasambe, muviike mbali yokhayo kwa mphindi 10. Zotsalazo zisiyeni. Kenako sunthani chimene chikufuka, apo ayi pakatha miyezi iwiri mudzabwerera pomwepo.

### Chili m'munsi, polowera ndi kumutu

Amenewa ndi mafuta a thupi, thukuta, mafuta odzola ndi a tsitsi. Pamene timagwira tikamalowa ndi pamene timapisa kunsi kwa matiresi ndi pamene pamada. Sungunulani sopo wokhuthalako m'kapu, mudonthezere pamalopo, mupsinye ndi zikhato kangapo, mudikire mphindi zisanu, kenako muchape neti yonse mwa nthawi zonse. Burashi ayi, chitsononkho cha chimanga ayi. Ulusi wa poliyesita umagwira mafuta kwambiri, choncho kamthunzi kena kadzatsala ndithu.

Ngati ndi mkodzo wa mwana, musadikire tsiku lochapa. Viikani kachigawo kokhako m'kabeseni ka madzi ozizira m'mawa womwewo, neti ili chipachikire. Mukatero simuchapa neti yonse chifukwa cha ngodya imodzi.

### Ndi mabanga ozungulira, okhala ndi mphepete yakuda, padenga la neti

Denga la nyumba likudontha. Madzi odutsa mu udzu wofolera amabwera ndi mtundu wa tiyi ndi mwaye. Odutsa pa malata akale kapena pamsomali amabwera ndi dzimbiri. A udzu amachepa ndi sopo. A dzimbiri samva sopo ngakhale pang'ono, ndipo jiki amawakhwimitsa kuti aderetu.

Pa dzimbiri, finyirani madzi a ndimu pabanga lokhalo, mudikire mphindi 10 pamthunzi, mutsukuluze. Mukhoza kubwereza kamodzi. Amai ambiri anazolowera ndimu ndi mchere kenako padzuwa, ndipo pansalu ya thonje zimathandizadi, koma pa neti mcherewo umakanda ulusi ndipo dzuwalo ndi limene tikulithawa. Banga likatsala, silichepetsa chitetezo. Konzani denga, kapena yalani chitenge chakale pamwamba pa neti kuti chizilandira fumbi ndi madontho. Chitengecho mungachichape mlungu uliwonse mmene mufunira.

### Chili paliponse mofanana, ndipo ulusi ukumveka wouma

Chimenechi si litsiro, ndi ulusi umene wasintha mtundu chifukwa cha dzuwa, ukalamba, kapena jiki amene anathiridwa kale. Zimaonekanso pa neti yopachikidwa pafupi ndi windo, mbali yoyang'ana kudzuwa yokha. Yesani motere: sankhani malo apansi, mulowetse zala ziwiri m'maso mwa neti, mukoke pang'ono ngati mukutsegula thumba la shuga. Ulusi wabwino umatamuka n'kubwerera. Wakupsa umaduka msanga, nthawi zina n'kusiya kaufa pazala.

Ikaduka choncho, lekani pomwepo. Palibe sopo amene angabwezere ulusi wakupsa, ndipo kuichapa n'kuimaliza. Ikutumuleni modekha, sokani pamene pangasokeke, muzigonamo uku mukufunafuna ina.

### Zimene simuyenera kuthira, chikasu chikhale cha mtundu uliwonse

- Jiki. Amawononga mankhwala a neti, ndipo pa ulusi wina wa mafakitale amawonjezera chikasu m'malo mochichotsa.
- Sopo waufa ndi waphala wochapira zovala. Ndi waukali, anapangidwa kuti azichotsa chilichonse chomata pa ulusi, ndipo sasiyanitsa litsiro ndi mankhwala.
- Chidulo, phulusa ndi soda. Mankhwala a m'maneti amasweka akakumana ndi madzi oterera a mtundu umenewu.
- Madzi owira. Amakwinyitsa neti ya polietilini ndipo amasukulutsa mankhwala.
- Kuviika usiku wonse. Sikuyeretsa kuposa mphindi 15, kumangopatsa madzi nthawi yokoka mankhwala.

Ambuya anga ankayeretsa nsalu zawo ndi chidulo ndi dzuwa, ndipo zinkayera zedi. Koma zinali nsalu za thonje zopanda mankhwala. Nzeru imeneyo ndi yabwino pamalo pake, pa neti ayi.

## Chizindikiro 3: Yang'ambika pochapa kapena poyanika

Maneti amene amabwera pamakina panga ndimatha kudziwa chimene chinawang'amba mwiniwake asananene, poona maonekedwe a bowo.

Kupotokola pofinya. Bowo lake limakhala lalitali, lopendekera, nthawi zambiri pafupi ndi msoko wolumikiza denga ndi mbali. Anthu awiri akagwira uku ndi uku n'kumapotokola ngati bulangete, mphamvu yonse imathera pamsoko. Kanikizani, musapotokole.

Kuitukula itadzaza madzi mutagwira malo amodzi. Neti youma ndi yopepuka, koma potuluka m'beseni imalemera ndi madzi. Mukaikoka ndi khutu limodzi, khutulo limazuka pamodzi ndi nsalu yake. Itoleni yonse m'manja awiri kuchokera pansi, ngati mukunyamula khanda m'bafa.

Kukwecha ndi kumenyetsa pamwala. Apa sipakhala bowo limodzi, koma malo aubweyaubweya okhala ndi timabowo tambiri toyandikana. Malo otere ndi ovuta kusoka chifukwa singano ilibe pogwira. Pamafunika chigamba.

Poyanika. Waya waminga, mpanda wa udzu kapena wabango, mitengo yaminga, thandala la mbale, msomali wapakhonde. Mabowo ake ndi ang'onoang'ono, ondandalikana mumzere. Mphepo ikaikupiza neti pampanda, minga iliyonse imatenga ulusi wake. Ngakhale waya wamba ngati ali ndi dzimbiri amadula ndi kusiya banga. Yalani chitenge pachingwe, pindani neti pawiri, ndipo ngati pali zopanira zovala, zipanire pamsoko wokhuthala, osati pamaso a neti.

Zing'onozing'ono zimene timaiwala. Mphete, chibangiri, chikhadabo chothyoka, beseni lachitsulo lobenthuka m'mphepete kapena lapulasitiki losweka limene linasokedwa ndi waya. Yendetsani dzanja mkati mwa beseni musanaikemo neti. Ndiponso neti ichapidwe yokha; zipi ndi mabatani a zovala zina zimakola.

Kukonza kwake kumatengera kukula kwa bowo:

- Losalowa chala chachikulu: sonkhanitsani m'mphepete mwake, mumange ndi ulusi kapena musoke kawiri katatu.
- Lolowa chala koma losalowa chibakera: sokani ndi ulusi wa poliyesita wopinda pawiri, singano izilowa maso awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete, osati pamphepete penipeni. Musakoke kwambiri, kuopa kung'amba pambali.
- Lolowa chibakera: ikani chigamba chopitirira bowolo ndi zala ziwiri mbali zonse. Chigamba chabwino ndi chidutswa cha neti ina yakale; kansalu kopepuka nakonso kamatheka.
- Lolowa mutu, kapena msoko wautali womasuka: pitani nayo kwa telala.

Dikirani iume musanasoke. Ndipo bowo la neti musaliwotche m'mphepete ndi machesi ngati mmene timachitira ndi chingwe cha nayiloni. Ulusi umenewu umasungunuka mofulumira kuposa mmene dzanja lingathawire.

## Chizindikiro 4: Yauma, koma ikunanda, yalimba kapena ikununkha

Sopo sanatsukuluzike. Mukaigwira imamata, ndipo pakatha milungu iwiri yadanso kuposa kale chifukwa fumbi likukakamira pa sopoyo. Nyowetsani kangodya, mupsinye: pakatuluka thovu, tsukuluzaninso m'madzi okhaokha.

Madzi osachita thovu. Zitsime ndi mijigo ina ili ndi madzi amene sopo amangopanga zoyerayera zoyandama. Zimenezo zikauma pa neti zimaiumitsa ndi kuipatsa mtundu wotuwa. Anthu akaona thovu palibe amawonjezera sopo, ndipo vuto limakula. Chepetsani sopo, ndipo ngati n'kotheka madzi otsukuluzira omaliza akhale a mvula kapena a pampopi.

Inapindidwa isanaumitsitse. Izi ndi za dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Imanunkha chinyontho, ndipo pamsoko pamaoneka timadontho takuda ta chuku. Chapaninso ndi sopo wamtanda, muyanike pakhonde podutsa mphepo. Ngati mvula yakana kukata, ipachikeni pamalo pake m'chipinda, muitambasule, mutsegule mawindo. Imauma ndithu. Musaiyandikize pa mbaula ndipo musaisite.

Timadontho takuda m'misoko ndi m'makona, koma si chuku. Yang'anitsitsani, mwina ndi nsikidzi. Mwambo wathu ndi kuthira madzi owira, ndipo pa bedi, pamphasa ndi m'ming'alu ya matabwa chitani zimenezo. Matiresi atulutseni padzuwa. Koma neti ichapeni ndi madzi ozizira, muchotse tizilomboto ndi mazira ake m'misoko ndi zala kapena kansalu. Zikafalikira nyumba yonse, kafunseni a zaumoyo ku kiliniki.

## Chizindikiro 5: Mwachapa, koma usiku udzudzu ukukulumanibe

1. Pali bowo limene simunalione. Lowani mkati masana, wina aunike ndi tochi kuchokera kunja, muyang'ane makamaka m'munsi ndi m'makona.
2. Neti yafupika ndipo sikupisika kunsi kwa matiresi kapena mphasa. Kawirikawiri ndi madzi otentha amene aikwinyitsa. Tsitsani zingwe zopachikira. Ikakanabe, telala akhoza kulumikiza nsalu m'munsi kuzungulira, ndipo nsaluyo imatetezanso neti ku mphasa, imene imadya m'munsi mwa maneti ambiri.
3. Mukugona mutatsamira neti. Udzudzu umaluma kudzera m'maso mwake. Ikokeni bwino m'makona onse anayi.
4. Mankhwala afooka. Izi sizioneka ndi maso ndipo sizidziwika ndi fungo. Neti yopanda fungo ikhoza kukhala ndi mankhwala okwanira. Chokuthandizani ndi kuwerenga zaka zake, kangati yachapidwa, ndiponso ngati inalawapo jiki, madzi owira kapena dzuwa la tsiku lonse.

Pano pali chinthu chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Kuno kum'mawa nyumba zambiri zili ndi mankhwala opopera thonje, fodya, tomato kapena othira m'chimanga. Musaviike neti m'mankhwala amenewo poganiza kuti mukuibwezera mphamvu. Ndi aukali, muyeso wake si wa pakhungu la munthu, ndipo mwana amagona nkhope ili pa neti usiku wonse. Maneti okhalitsa safuna kunyikidwanso.

## Pamene muyenera kuleka n'kukaonana ndi odziwa

Kwa telala: bowo lolowa mutu, msoko wa denga womasuka, makutu ozuka, kapena neti yofuna nsalu m'munsi. Muuzeni asoke msoko wosathinana, chifukwa msoko wothinana kwambiri umadula maso a neti m'malo mowagwira.

Ku kiliniki kapena kwa a zaumoyo a m'dera lanu, kukafunsa za neti ina:

- ulusi ukuduka mukangokoka pang'ono
- mabowo akuluakulu achuluka moti mukasoka apa pakung'ambika apo
- yapitirira zaka 3, kapena mukudziwa kuti yachapidwa koposa ka 20

Amai oyembekezera ndi ana aang'ono ndi amene amaganiziridwa poyamba ku sikelo, choncho ngati m'nyumba muli otere, nenani. Neti yatsopano muiyanike pamthunzi tsiku limodzi lathunthu musanagonemo, ndipo siifunika kuchapidwa.

Ku chipatala mwamsanga:

- mwana wamwa madzi ochapira neti, kapena alowa m'maso ndipo kuwawa sikukutha mutatsukuluza ndi madzi ambiri
- nkhope yatupa, kapena munthu akubanika popuma atagwira kapena kugona mu neti
- wina m'nyumba watentha thupi, akumva mutu kapena kuzizidwa: akayezetse malungo tsiku lomwelo, makamaka mwana kapena mai woyembekezera

Kuyabwa pang'ono kapena kunyerenyetsa m'manja mukatha kuchapa neti imene ikadali yatsopano kumachitika, ndipo kumatha kokha pakapita maola. Sambani m'manja ndi sopo, musagwire m'maso, ndipo ulendo wina muvale magolovesi kapena timapepala tapulasitiki.

Ngati neti yanu yalephera mayeso a zala ziwiri aja koma ina simunaipeze, musaitsitse kukatchingira dimba kapena anapiye. Mangani mabowo amene angamangike, mbali yong'ambika kwambiri muitembenuzire kukhoma n'kuipisa bwino kunsi kwa matiresi, ndipo neti imene ikadali yolimba muziichapa m'mawa, kuti dzuwa likamalowa ikhale itabwerera kale pamwamba pa bedi.